Kulemba za ntchito yanu ya chaka popanda kudzitama

Fomu younikira ntchito ikafika, anthu ambiri olimbikira amaichedwetsa mpaka tsiku lomaliza. Sikuti ndi ulesi ayi. Tinakula tikumva kuti ng'oma yolira bwino sichedwa kung'ambika, ndipo munthu wakhalidwe sadzichemerera pagulu. Tsono pepala likakufunsa kuti "fotokozani zomwe mwakwaniritsa chaka chino", dzanja limalemera. Ena amalemba mizere iwiri yokha, yakuti ntchito yayenda bwino ndipo akuthokoza abwana. Ena amapyola malire mbali inayo n'kudzaza tsamba ndi mawu akuti "ndine wakhama, wodzipereka, wokhulupirika". Onsewa amadzilakwira, chifukwa owerenga fomuyo sapezamo choti agwire.

Kale m'boma munali malipoti achinsinsi. Mkulu wa pantchito ankalemba za inu, inuyo osaona n'komwe. Masiku ano dongosolo ndi lapoyera: mumagwirizana ndi okuyang'anirani zolinga za chaka, pakutha pake mumalemba nokha momwe zayendera, kenako mumakhala pansi awiri n'kusainirana. Mabungwe omwe si aboma, monga amene amagwira ntchito ku Dzaleka kapena m'midzi ya ku Ntchisi, nawo amachita chimodzimodzi, ngakhale mafomu awo amasiyana. Kuyambira mu 2022 chaka cha chuma cha boma chimayamba pa 1 Epulo n'kutha pa 31 Malichi, choncho kwa ambiri nthawi yolembayi imagwa mvula ikupita kumapeto, ntchito ili pakhosi. N'chifukwa chake ndi bwino kudziwiratu kalembedwe kake.

Mfundo yanga ndi imodzi. Kudzitama kumabwera pamene mukufotokoza mmene inuyo mulili. Kumachoka pamene mukufotokoza chimene chasintha, poyerekeza ndi mmene zinalili, komanso chimene munachita kuti chisinthe. Chiganizo chakuti "ndine wolimbikira" chimapempha owerenga kuti akukhulupirireni. Chiganizo chakuti "ana amene ankasiyira katemera panjira achepa kuchoka pa 15 kufika pa 6" sichipempha kanthu, chimangowauza kuti atsegule kaundula aone okha.

Tiyeni titenge munthu mmodzi timutsatire mpaka fomu yake ithe. Tiyerekeze mlangizi wa zaumoyo amene dera lake lili m'mapiri a ku Ntchisi, cha kwa Nthondo, kumene misewu imaterera mu Januwale ndi Febuluwale moti njinga umachita kukankha. Manambala onse amene nditchule ndi ongoyerekeza, oti tiphunzirirepo, koma ntchito zake ndi zenizeni: amachititsa sikelo ya ana mwezi ndi mwezi m'midzi yakutali ndi chipatala, amabaya katemera, ali ndi kiliniki ya m'mudzi yothandiza ana osakwana zaka zisanu odwala malungo, otsegula m'mimba ndi a chibayo, ndiponso amayendera zimbudzi ndi mijigo.

Asanagwire cholembera, ayambe watulutsa pepala la zolinga lomwe anagwirizana ndi omuyang'anira kumayambiriro kwa chaka. Apa ndi pamene ambiri amasocherera. Amalemba zonse zimene anatopa nazo, kuiwala kuti abwana akuyeza ntchito ndi zolinga zija. Ngati cholinga chinali kuchepetsa ana osamaliza katemera, ndiye kuti nkhani yoyamba ndi imeneyo, ngakhale kuti chimene chinamutopetsa kwambiri chinali kuyendera zimbudzi. Pepalalo likakhala kuti linasowa, kapena simunalilembe n'komwe, gwiritsani ntchito ndondomeko ya ntchito yanu imene munapatsidwa polembedwa, ndipo nenani poyera pa fomupo kuti mwatsata imeneyo.

Akatero asonkhanitse mabuku: kaundula wa ana a ku sikelo, kaundula wa kiliniki ya m'mudzi, makope a malipoti a mwezi ndi mwezi, ndi buku limene alendo oyendera ntchito amalembamo ndemanga. Ntchito imeneyi imafuna madzulo awiri kapena atatu patebulo la pakhomo, osati ola limodzi pabenchi la kuchipatala anzanu akudikira. Pamtima pokha sipadalirika. Munthu amakumbukira bwino miyezi iwiri yapitayi, za mu Meyi ndi Juni zimakhala zitazilala, chonsecho m'miyezi ya chilimwe imeneyo ndi mmene ntchito yambiri ya m'mapiri imagwirika.

Tsopano tione katemera wa Penta, amene mwana amalandira katatu: ali ndi masabata 6, 10 ndi 14. Njira yodziwika yoonera ngati makolo akumaliza ndi kuyerekeza ana amene analandira woyamba ndi amene anafika pa wachitatu. Mumachotsa a wachitatu pa a woyamba, n'kugawa ndi a woyamba, n'kuchulukitsa ndi 100. Azaumoyo amafuna kuti osiyira panjira asafike 10 pa ana 100 alionse. Mlangizi wathu watsegula kaundula wa chaka chatha napeza kuti ana 60 analandira woyamba ndipo 45 anafika pa wachitatu. Osiyira panjira anali 15, kutanthauza 25 pa 100. Chaka chino ana 64 analandira woyamba ndipo 58 anamaliza. Otsala ndi 6, kutanthauza pafupifupi 9 pa 100.

Nayi njira yoyamba imene angalembere, imene imapezeka kwambiri: "Ndachititsa sikelo ndi kubaya katemera monga mwa ntchito yanga." Chiganizochi n'choona, koma mlangizi aliyense m'boma lonse la Ntchisi angathe kuchilemba, ngakhale amene ana ake theka sanamalize. Chikunena ntchito imene anapatsidwa, osati imene yaphula kanthu.

Yachiwiri ndi iyi: "Chifukwa cha khama langa losaneneka, katemera m'dera langa wapita patsogolo kwambiri kuposa madera onse ozungulira." Apa ndiye pali kudzitama kwenikweni, ndipo mungakuzindikire ndi zinthu zitatu. Muli mawu odziyamikira amene sangayezedwe. Muli "kwambiri" m'malo mwa nambala. Ndipo muli kudziyerekeza ndi anzake, amene mwina dera lawo ndi lalikulu kapena mlatho wawo unakokoloka. Woyang'anira akawerenga zotere amayamba kufunafuna pogwetsera, pakuti iye amawadziwa anzanuwo ndi mavuto awo.

Yachitatu ndi imene ndikulangiza: "Chaka chatha ana 15 mwa 60 amene anayamba katemera wa Penta sanafike pa wachitatu. Kuyambira mu Meyi, sikelo iliyonse ikatha ndimalemba mayina a ana amene sanabwere n'kuwapereka kwa a komiti ya zaumoyo ya m'mudzi, amene amakawayendera pakhomo. Ndinapemphanso a mfumu kuti tisunthe tsiku la sikelo, chifukwa linkagwa pa tsiku la msika. Chaka chino osamaliza ndi 6 mwa 64. Manambalawa ali m'kaundula wa ana ndi m'malipoti a mwezi."

Muone mmene ndimeyi yayendera. Yayamba ndi vuto mmene linalili, yanena chochita, yanena chotsatira, yatha ndi komwe umboni uli. Mulibe mawu ngakhale amodzi onena kuti mlangiziyu ndi wotani, koma amene wawerenga wadziwa kale kuti ndi munthu woganiza, amene anaona kuti msika ukulanda amayi ku sikelo. Kuyamikirako kwasiyidwa m'manja mwa owerenga, komwe ndi malo ake. Munthu wina akakuyamikirani sikukhala kudzitama.

Pali nkhani ya "ine" ndi "ife", imene imavuta kwambiri kwathu kuno. Mwaulemu timakonda kunena kuti "tinachita", ndipo n'zoona kuti ntchito ya m'mudzi siigwira munthu mmodzi. Koma fomuyi ikuunika inuyo, osati gulu. Mukalemba "ife" paliponse, abwana sadziwa ngati munatsogolera kapena munangokhalapo. Mukalemba "ine" paliponse, mwaba thukuta la anzanu, ndipo nkhani zotere sizibisika pamalo aang'ono ngati Malomo kapena Madisi pomwe aliyense amadziwana. Njira yake ndi kupatsa aliyense mneni wake. M'ndime ija, mlangizi "amalemba mayina", a komiti "amakawayendera pakhomo", a mfumu ndi amene anavomereza kusuntha tsiku. Palibe amene walandidwa, ndipo gawo la mlangizi likuoneka bwino lomwe. Kutchula anzanu sikukuchepetsani. Woyang'anira wanzeru amaona kuti mumatha kugwira ntchito ndi anthu, chinthu chimene mafomu ambiri amafunsanso pa gawo lina.

Pa mneni pomwepa samalani. "Ndinathandiza" ndi mawu aulemu koma obisa zambiri. Ngati munayambitsa, lembani kuti munayambitsa. Ngati munaphunzitsa anthu 12 a komiti, lembani choncho. Ngati munangonyamula bokosi la katemera pa kampeni imene anakonza ena, "ndinathandiza" ndiye mawu ake oyenera, ndipo musawakulitse.

Manambala nawo ali ndi misampha yake, ndipo ndi bwino muitchule nokha abwana asanaitchule. Dera la mlangizi mmodzi ndi laling'ono, moti ana atatu okha angasinthe chithunzi chonse. Mabanja ena a ku Dowa ndi Ntchisi amasamuka nyengo ya fodya kukagwira ntchito m'maesiteti a ku Kasungu, ndipo mwana amene akuoneka ngati wasiyira panjira mwina anakamalizira kumeneko. Ngati mlangizi wathu akudziwa kuti mwa ana 6 aja awiri anasamuka, alembe. Koma akumbukire kuti chaka chathanso ena mwa 15 aja ayenera kuti anasamuka, choncho asachotse osamuka chaka chino chokha kuti nambala ikome. Yerekezaninso nthawi zofanana: chaka ndi chaka, kapena miyezi ya dzinja ndi miyezi ya dzinja. Kuyerekeza ana odwala malungo mu Febuluwale ndi a mu Ogasiti n'kunena kuti mwachepetsa malungo ndi kudzinamiza, chifukwa aliyense amadziwa kuti malungo amatsika okha mvula ikatha. Ndipo nambala imene mwalemba pa fomu ikhale yomweyo imene munatumiza m'malipoti a mwezi. Zikasiyana, zonse zimene mwalemba zimayamba kukayikitsa, ngakhale zoona zomwe.

Osanena kuti chinthu chilichonse chabwino chachitika chifukwa cha inu. Ntchisi ndi limodzi mwa maboma amene anayamba kupereka katemera wa malungo kwa ana mu 2019, ndipo boma limagawanso masikito nthawi ndi nthawi. Ana odwala malungo akachepa pa kiliniki ya m'mudzi, zifukwa zingakhale zambiri. Chimene mlangizi anganene mosaopa ndi chimene chinali m'manja mwake: kuti mwana aliyense wotentha thupi anamuyeza magazi asanamupatse mankhwala, kapena kuti ana onse amene anali ndi zizindikiro zoopsa anawatumiza kuchipatala tsiku lomwelo. Zimenezi zili m'kaundula, mzere ndi mzere.

Nanga zimene sizinayende? Zilembeni, koma mwa dongosolo lomwe lija. Mlangizi wathu anayenera kuchititsa sikelo 12 kumudzi wa kuseri kwa phiri, koma anachititsa 10. Angalembe kuti: "Sikelo ya Januwale ndi ya Febuluwale kumudzi wakutali sizinachitike chifukwa mtsinje unadzaza. Ana amene anaphonya ndinawabaya mu Malichi. Chaka chamawa ndikufuna kukonza ndi a komiti malo ena osonkhanira tsidya lino m'miyezi iwiriyi." Palibe kudzikhululukira kwa tsamba lonse, palibenso kudzinyoza. Wanena chimene chinalephereka, chifukwa chake, chimene anachitapo ndi chimene akufuna kusintha. Fomu yopanda cholephereka chilichonse siikhulupirika, chifukwa amene akuiwerenga anagwirapo ntchito m'mapiri omwewo. Cholephereka chimodzi kapena ziwiri zonenedwa moona zimachititsa kuti zopambana zija zimveke zoona.

Vuto likakhala lochokera kumtunda, monga mankhwala a malungo kutha kwa masabata asanu, linenedwe ngati chochitika, osati ngati mlandu. "Mankhwala a malungo anatha kuyambira pakati pa Disembala, ndinadziwitsa chipatala pa lipoti ndi pafoni, ndipo ana 19 amene anapezeka ndi malungo nthawi imeneyo ndinawatumiza kuchipatala." Kulemba motero kumakutetezani komanso kumasiya umboni woti vutolo linalipo. Fomuyi si malo otsutsirana ndi munthu kapena otchulirapo mnzanu amene mumakangana naye. Madandaulo ali ndi njira yake ina. Musatchulenso dzina la mwana wodwala kapena la mayi ake. Manambala akwanira, ndipo chinsinsi cha odwala ndi gawo la ntchito yanu.

Ntchito ina ilibe nambala, ndipo anthu amaisiya poganiza kuti siilembeka. Imalembeka ndithu, pofotokoza chochitika chimodzi mwachidule. Mwina panali mabanja amene ankakana katemera pa zifukwa za chipembedzo, ndipo mlangizi anakhala nawo pansi kangapo pamodzi ndi a mfumu mpaka mabanja awiri analola. Alembe zomwezo, m'ziganizo ziwiri. Ngati woyendera ntchito analemba m'buku la alendo kuti kaundula akusungidwa bwino, atchule tsiku la ndemangayo, osaikometsera.

Kutalika kwake kusakuvuteni. Zopambana zitatu kapena zinayi zofotokozedwa mokwanira zimaposa khumi ndi ziwiri zongotchulidwa. Yambani ndi chimene chikukhudza cholinga chachikulu. Mafomu ambiri amalembedwa m'Chingerezi, ndipo pamenepa anthu amagwa m'mbuna yokopera mawu akuluakulu pa fomu ya mnzawo. Ine ndimalangiza kuti muyambe mwalemba m'Chichewa papepala lapadera, monga mmene mungafotokozere mkulu amene mumamulemekeza, kenako muike m'Chingerezi chosavuta. Chiganizo chimene mwalephera kuchinena m'Chichewa chomveka nthawi zambiri chimakhala kuti mulibe kanthu.

Apa a pakhomo angathandize. Werengerani akazi anu, amuna anu kapena mwana wa ku sekondale zimene mwalemba, ndipo muwapemphe kuti pa chiganizo chilichonse akufunseni kuti, "Tidziwa bwanji?" Pomwe mwayankha kuti "zili m'kaundula" kapena "a komiti angachitire umboni", chiganizocho chikhale. Pomwe mwayankha kuti "aliyense amadziwa", chifufuteni kapena chipezereni umboni. A pakhomo amakumbukiranso zimene inu mwaiwala, monga usiku umene munadzutsidwa kukaona mwana wokomoka, kapena sabata ija munagona kunja pa kampeni ya katemera wa poliyo.

Pa malo odzipatsa malikisi, musatsitse dala poyembekeza kuti abwana akweza okha. Nthawi zambiri sakweza. Ali ndi mafomu ambiri, ndipo amaganiza kuti mwini wake akudzidziwa. Werengani tanthauzo la mulingo uliwonse pa fomupo. Ngati cholinga chinali kufika pansi pa 10 pa 100 ndipo mwafika pa 9, mwakwaniritsa, lembani choncho. Mulingo wapamwamba kwambiri usungireni pomwe mwapyoladi cholinga ndipo mungathe kuloza umboni. Pa sikelo zija 10 mwa 12, dzipatseni mulingo wosonyeza kuti zatsala pang'ono. Malikisi osiyanasiyana motere amasonyeza kuti munaganizira gawo lililonse payekhapayekha.

Kalembedwe kameneka sikasintha mukakhala mphunzitsi ku Mponela kapena mlangizi wa zaulimi ku Chikwatula. Mphunzitsi wa Sitandade 8 anene ana amene anakhoza mayeso a MANEB pamodzi ndi amene analemba, ndiponso amene anayamba nawo chaka, chifukwa kukhoza kwa ana 30 mwa 32 kumamveka mosiyana ngati kalasi inayamba ndi ana 50. Mlangizi wa zaulimi asangonena kuti anaphunzitsa alimi kupanga manyowa, anene kuti mwa amene anaphunzitsidwa ndi angati amene anawapeza atapangadi atawayendera kumunda.

Tsiku lokumana ndi okuyang'anirani, tengani kaundula ndi makope a malipoti, ndipo muike timapepala pamasamba amene mwatchula. Akakayikira nambala, tsegulani muwerengere limodzi. Akatsitsa malikisi anu, funsani mwaulemu kuti, "Bwana, kuti ndifike pa mulingo umenewu chaka chamawa, mukufuna kudzaona chiyani?" Yankho lawo lilembeni pomwepo, chifukwa ndilo cholinga chanu cha chaka chikubwerachi. Pa gawo lofunsa zimene mukufuna kuti muthandizidwe, tchulani chinthu chogwirizana ndi zimene mwalemba kale, monga maphunziro obwereza a kiliniki ya m'mudzi kapena kukonzetsa njinga, osati mndandanda wa zokhumba zonse. Werengani ndemanga zawo musanasaine, ndipo ngati simukugwirizana nazo, lembani maganizo anu pa malo a ndemanga za wogwira ntchito. Fomu ikasainidwa, ijambuleni pafoni kapena ichititseni fotokope, pakuti mudzaifuna pa intavyu yokwezedwa paudindo.

Mukabwerera kunyumba, gulani kope la masamba ochepa mulisunge pamodzi ndi malipoti. Tsiku limene mukutumiza lipoti la mwezi, lembanimo mizere itatu: nambala yaikulu ya mweziwo, chinthu chimodzi chimene munachita mosiyana ndi kale, ndi chimodzi chimene chinavuta. Pofika Malichi mudzakhala ndi masamba 12 oti musankhemo zopambana zitatu kapena zinayi zija, pamodzi ndi masiku ake.